Dzina la msonkhano lisamasinthe pamodzi ndi mutu wa chaka

Ntchito yanga ndi yokonza misonkhano. Ofesi yanga ili mu Emmasdale, mu Lusaka, ndipo amene amabwera kwa ine kawirikawiri ndi a makomiti a mipingo, magulu a amalonda ang'onoang'ono ndi mabungwe a aphunzitsi kapena anamwino. Amafika atakambirana kale za holo, chakudya ndi mlendo wolemekezeka. Za dzina amazisiyira kumapeto, tsiku lopita kukasindikiza chinsalu chopachika pakhomo, ndipo pamenepo ndi pamene vuto limalowera. Mawu amene awakomera chaka chimenecho ndiwo amasanduka dzina la msonkhano. Chaka chotsatira akabwera ndi mawu ena, anthu amayesa kuti wayamba msonkhano watsopano.

Chitsanzo chabwino chili pafupi, ku Showgrounds, m'mbali mwa msewu wa Great East. Chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda chimene chimachitika kumeneko, chotsekera pa tchuthi cha alimi Lolemba loyamba la Ogasiti, dzina lake ndi Zambia Agricultural and Commercial Show. Mu 2023 mutu wake unali wa kusintha chuma m'njira yosasiya wina m'mbuyo. Mu 2025 unali wa kuzolowera kusintha kwa nyengo. Mukafunsa mayi wogulitsa ndiwo pa msika wa Soweto mutu wa chaka chatha, mwina sakumbukira, ndipo palibe cholakwika. Koma mukati "ku Sho", adziwa malo, mwezi ndi zimene akapezeko. Dzinalo lagwira ntchito yake, mutuwo nawonso wagwira yake.

Ndimauza makomiti kuti pachikalata choitanira anthu pamakhala zinthu zitatu zosiyana. Dzina limanena amene akusonkhana ndi nkhani imene imawasonkhanitsa chaka ndi chaka. Nambala imanena kuti aka ndi kachingati. Mutu ndi funso limene akufuna kuliyankha ulendo uno basi. Dzina likhale m'malembo akuluakulu pamwamba, mutu m'malembo ang'onoang'ono pansi pake, ngakhale wapampando ataukonda chotani.

Tiyerekeze kuti oweta nkhuku kuseri kwa nyumba mu Emmasdale, Matero ndi Chaisa afuna kumakumana kamodzi pachaka. Chaka choyamba chitopa chawathera nkhuku, ndiye wina akuti msonkhanowu tiutche "Kuthana ndi Chitopa 2025". Mawuwa ndi amphamvu ndipo anthu abwera. Koma chaka chamawa chowawa chidzakhala mtengo wa chakudya cha nkhuku, chaka chinacho kuzimazima kwa magetsi kumene kumapha anapiye ndi kuzizira. Dzina lija silingathe kunyamula nkhani zimenezi. Wina akuti tiikepo dzina la holo imene tabwereka. Holoyo ikadzakweza mtengo n'kusamukira ku Kabwata, dzinalo lidzakhala bodza. Winanso akuti tiikepo dzina la kampani imene yatipatsa ndalama. Apa ndimakana kwamtuwagalu, chifukwa wothandiza amatopa, ndipo kampani ina yogulitsa zofanana siidzafuna kuika ndalama zake pansi pa dzina la mnzake. Wothandiza apatsidwe mzere wake pansi, wolembedwa kuti "mothandizidwa ndi", umene ungasinthe popanda kugwedeza china chilichonse.

Chimene chimatsala ndi dzina losadabwitsa: Msonkhano wa Oweta Nkhuku a mu Lusaka. Ena amati ndi lozizira. Ine ndimati ndi loona lero ndipo lidzakhala loona zaka khumi zikubwerazo, ndipo amenewo ndiwo mayeso oyamba. Onaninso kuti ndalemba Lusaka osati Emmasdale, chifukwa oweta a ku Chelstone akadzafuna kulowa asadzaone ngati akulowerera za eni ake. Komabe sindinalembe "a mu Zambia". Dzina lalikulu kuposa anthu ake limachititsa manyazi pamene obwera onse ndi a makomboni atatu oyandikana. Mayeso achiwiri ndi a pakamwa: litchuleni pa foni kwa munthu amene sanalimvepo, kenako mumufunse kuti abwereze. Akalephera, dzinalo latalika, ndipo anthu adzalidula okha m'njira imene simudzaikonda.

Nkhani imene ndimatherapo nthawi yambiri ndi ya nambala, chifukwa ambiri amaisokoneza ndi chaka. Chionetsero cha ku Showgrounds cha 2019 chinali cha 93. Mu 2020 ndi 2021 sichinachitike chifukwa cha mliri wa korona. Chitabwerera mu 2022 chinatchedwa cha 94, osati cha 96. Nambala imawerenga misonkhano imene yachitikadi, siwerenga zaka zimene zadutsa. Chimodzimodzi msonkhano wa dziko lonse lapansi wa zanyengo: COP26 unayenera kuchitika mu 2020, unachitikira ku Glasgow mu 2021, ndipo dzina lake silinavute aliyense poti munalibe chaka. Okonda mpira akukumbukira mbali inayo: mpikisano wa AFCON 2023 unaseweredwa ku Ivory Coast mu Januwale ndi Febuluwale 2024. Mpaka lero wolemba nkhani amayenera kufotokoza kuti 2023 ameneyo ndi 2024. Bungwe lalikulu lingapirire chisokonezo chotere. Gulu la oweta nkhuku limene lasindikiza kale masikipa ndi ziphaso zolembedwa chaka, kenako maliro kapena kolera n'kusunthira msonkhano ku Januwale, lataya ndalama.

Nchifukwa chake ndimalangiza kuti nambala imamatire ku dzina, chaka chikhale pa mzere wa tsiku ndi malo. Ndipo pa msonkhano woyamba musalembe kuti "wapachaka". Limenelo ndi lonjezo limene simunalikwaniritse. Dikirani wachiwiri.

Mutu nawo uli ndi mayeso ake. Ngati mutu wanu ungakwanire pa msonkhano wa anamwino, wa mabanki ndi wa oweta nkhuku mosasintha liwu, umenewo si mutu, ndi chokongoletsera. Mawu onga "kupita patsogolo limodzi" ndawaona pa zinsalu zambiri, ndipo sanathandizepo komiti kusankha wolankhula. Mutu weniweni umakana zinthu zina. Mukati "Kuchepetsa mtengo wa chakudya cha nkhuku", mwadziwa kale kuti muitana wodziwa kusakaniza gaga, soya ndi mpendadzuwa, ndipo wogulitsa mankhwala a chitopa adikire chaka china.

Kusunga dzina kumapulumutsanso ndalama m'njira zooneka. Chinsalu chachikulu chokhala ndi dzina ndi chizindikiro chokha chimasindikizidwa kamodzi, ndipo chaka chilichonse mumangosindikiza kachidutswa ka nambala, tsiku ndi mutu. Ngati gulu lalembetsa kwa Registrar of Societies kapena ku PACRA n'kutsegula buku ku banki, dzina la pa malisiti lifanane ndi la pa chikalata choitanira, apo ayi wowerengera ndalama wa kampani yothandiza adzabweza pempho lanu kuti mufotokoze. Ngakhale mafayilo a mu kompyuta ndimawatcha mwa dongosolo lomwelo, monga `nkhuku-03-pulogalamu`, kuti mlembi watsopano akadzalowa apeze zonse zitandandalikana.

Ilipo nthawi imene dzina liyeneradi kusintha: pamene osonkhanawo asintha. Ngati oweta zinziri ndi abakha achuluka mpaka mawu oti nkhuku akuwatsekera kunja, sinthani. Koma sinthani kamodzi, komiti yonse itagwirizana ndi kulemba m'buku la zokambirana, nambala ipitirire pamene inalekera, ndipo kwa zaka ziwiri lembani dzina lakale pansi pa latsopano kuti amene anabwera kale adziwe kuti ndi msonkhano wawo womwe uja.