Mipando 151 ya MySQL ikadzaza

Kasitomala watsegula webusaiti ya sitolo kuti aone mitengo, koma m'malo mwa katundu akungoona mawu akuti "Too many connections", mwina ndi nambala 1040 pambali. Palibe chomwe chasowa. MySQL, pulogalamu yosunga katundu, mitengo ndi maoda, imalandira olumikizana nayo 151 okha nthawi imodzi ngati simunasinthe `max_connections`. Zili ngati minibasi: mipando ikadzaza, wobwera mochedwa amatsala pa siteji.

Ambiri amathamangira kukweza nambalayi kufika 1000. Pa seva yaing'ono ya RAM ya 2 GB, kumeneko ndi kudziputira mavuto, chifukwa mpando uliwonse umadya RAM, ndipo ikatha Linux imatha kupha MySQL yonse. Yambani mwaona amene akhala pamipandoyo. MySQL imasungira woyang'anira mpando umodzi wapadera, choncho `root` amalowabe ngakhale kwadzaza (n'chifukwa chake webusaiti isamalowe ngati `root`, ingadye ndi mpando umenewu). Mukalowa, lembani:

```sql
SHOW PROCESSLIST;
```

Yang'anani pansi pa `Command` ndi `Time`. Tiyerekeze kuti mizere 140 ikuti `Sleep`, ina kwa masekondi 6000. Ndiye kuti makasitomala sanachuluke ayi, ndi PHP yomwe yagwira mipando osaigwiritsa ntchito. MySQL payokha imadikira masekondi 28800, maola asanu ndi atatu, isanachotse wogona.

Gwero lake limapezeka kawirikawiri mu PHP-FPM. Tinene kuti seva ili ndi mawebusaiti awiri, iliyonse ndi `pm.max_children = 100`, ndipo dzina la seva ya MySQL lalembedwa ndi `p:` kutsogolo, kutanthauza kuti kulumikizanako kusaduke ntchito ikatha. Tsiku la malonda otentha, onse 200 amafuna mipando 151. Chotsani `p:`, tsitsani nambalayo kufika 40 pa webusaiti iliyonse, ndipo ofuna mipando sapyola 80. Alendo owonjezera angodikira pang'ono pamzere. Kenako mu fayilo ya `my.cnf` ikani:

```ini
[mysqld]
wait_timeout = 120
```

Yambitsaninso MySQL ndi PHP-FPM. Lamulo la `SET GLOBAL` limasintha nambalayi osazimitsa kanthu, koma silikhudza omwe agona kale, ndipo limaiwalika MySQL ikayambanso.

Mizere yambiri ikamati `Query` ndipo `Time` ikukwerabe, nkhani ndi ina. Pali funso lolemera, mwina lipoti la malonda a chaka chonse, lomwe latsekereza anzake. Lichotseni ndi `KILL` ndi nambala yake ya pa `Id`, kenako wopanga webusaiti alikonze, apo ayi mawa libwereranso.

Pakatha sabata onani `Max_used_connections` pogwiritsa ntchito `SHOW GLOBAL STATUS`. Ikamayandikirabe 151, ogona kulibe, RAM ikutsalako, pamenepo kwezani `max_connections` kufika 200.