Kukhakhala kwa thabwa kuli ndi mbali

Munthu akalemba kuti thabwa ndi "lokhakhala" n'kulekera pomwepo, wowerenga sanamve kanthu m'manja mwake. Funso ndi lakuti: lakhakhala motani, ndipo molowera kuti?

Tengani thabwa la mlombwa longochoka pa sowo. Mukalisisita motsata mitsempha ya mtengo, dzanja limadutsa ndithu, ngakhale mogwiragwira. Mukabwerera mosemphana nayo, tizitsotso timadzuka n'kubaya chala. Mukadutsa chopingasa, mumamva timizere tomwe mano a sowo anasiya, tokwera ndi kutsika. Thabwa ndi limodzi, koma dzanja lamva zinthu zitatu, ndipo wolemba ayenera kunena kumene dzanja likulowera.

Akalipala amadziwa kuti kusalala kuli ndi masitepe. Sandipepa ya nambala 80 imachotsa mabala a sowo koma imasiya mikwingwirima yooneka. Ya 120 imaifafaniza, ndipo pofika pa 220 thabwa limachita see! Mukalinyowetsa, likauma limakhakhalanso pang'ono, chifukwa madzi amatupitsa timitsempha todukaduka n'kutidzutsa. Ndiye wolemba akati tebulo losapaka vanishi limene lagona pa mvula n'losalalabe, kalipala sangamukhulupirire.

Chitsulo chokwechedwa ndi bulashi, monga cha sinki, chilinso ndi mbali: chikhadabo chimatsetsereka motsata timizere take, koma chopingasa chimalira. Mwala wonyowa umaderapo chifukwa madzi amadzaza timaenje take, kuwala sikumwazikanso monga pouma. Ukaterera kwambiri, kawirikawiri ndi ndere.