Mota Yokwana Pampu Yanu

Mlimi akufuna kukweza madzi okwana malita 5 pa sekondi kuchokera mumtsinje kukafika m'thanki yomwe ili pamtunda mamita 25. Agule mota yamphamvu zingati?

Choyamba, madzi akamakhulana ndi mapaipi, pampu imavutika ngati kuti mtunda watalika. Tinene kuti kukhulanako kukuwonjezera mamita 5, onse pamodzi akhale 30.

Tsopano chulukitsani malita 5 ndi mamita 30 ndi 9.81, nambala ya mphamvu yokokera zinthu pansi. Mupeza mawati pafupifupi 1,470. Imeneyi ndi mphamvu yofika m'madzi yokha.

Koma pampu imataya ina. Ngati imagwiritsa bwino ntchito magawo 60 pa 100 alionse, gawani 1,470 ndi 0.6, mupeza mawati 2,450.

Onjezerani magawo 20 pa 100 kuti mota isamagwire ntchito mobanika, makamaka magetsi akafooka. Zikwana mawati 2,940, choncho gulani ya makilowati 3.

Mota yochepa imatentha, kumazimazima, mapeto ake n'kupsa. Yokulitsa imangodya ndalama. Yezani mtundawo musanapite kusitolo.