Mafuta akayaka m'chiwaya

Mafuta ophikira sayaka mwadzidzidzi. Amayamba afuka utsi woswa m'maso, ndipo akatentha kupitirira madigiri 300 amatha kubuka moto okha. Nthawi zambiri zimachitika wokazinga mandasi kapena tchipisi atangochokapo pang'ono. Pobwera, dzanja limathamangira ku ndowa ya madzi, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amapsa. Madzi amamira pansi pa mafuta, n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, nthunziyo n'kumwaza mafuta oyakawo mpaka kudenga ndi kumaso.

Moto wotere umafuna kuumana mpweya, ndipo imeneyi ndiyo ntchito ya bulangete lozimitsira moto. Si bulangete lofunda, lomwe limayaka kapena kusungunuka. Ili ndi nsalu yolukidwa ndi ulusi wagalasi, kawirikawiri ya mita imodzi mbali zonse, yopindidwa m'chikwama chofiira chokhala ndi zingwe ziwiri zolendewera. Lipachikeni pafupi ndi khomo, osati pamwamba pa chitofu pomwe malawi angakutsekerezeni.

Chiwaya chikayaka, zimitsani magetsi kapena gasi ngati mungafikepo osadutsitsa mkono pamoto. Kokani zingwe zija, bulangete lituluke. Pindirani m'mphepete mwake kumanja kuti zala zibisike, ndipo muligwire kutsogolo kwanu litchinge nkhope. Musaliponye. Liyaleni mofatsa kuyambira mbali yomwe mwaima, kuti malawi akankhidwire kutali ndi inu, mpaka chiwaya chonse chiphimbike popanda mpata.

Chovuta kwambiri n'kudikira. Mtima umafuna kusuzumira, koma mafutawo amakhala akadali otentha, ndipo mpweya ukangolowa amayakanso. Lisiyeni mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo musanyamule chiwayacho kuti mukachitaye panja. Ophika pambaula adikire nthawi yotalikirapo, poti makala alibe pozimitsira ndipo amapitiriza kutenthetsa mafuta pansi. Bulangete lomwe lazimitsapo moto musaligwiritsenso ntchito.

Koma nsalu ya mita imodzi ili ndi malire ake. Imathandiza moto ukadali m'chiwaya. Mafuta oyaka akatayikira pansi, kapena malawi akagwira katani, kabati kapena denga, nkhondoyo si yanunso. Chimodzimodzi utsi ukadzaza mpaka kukutsokomoletsani, malawi akayandikira silinda ya gasi, kapena akayamba kulowa pakati pa inu ndi khomo. Mukayala kamodzi malawi n'kumatulukabe m'mbali, musalichotse kuti muyesenso.

Ine ndimaona kuti apa m'pomwe anthufe timachedwa, chifukwa chodera nkhawa katundu amene tinamuvutikira. Komatu pa moto wa m'nyumba utsi ndiwo umapha anthu ambiri kuposa malawi, ndipo umafooketsa munthu asanazindikire. Tulutsani ana ndi aliyense, yendani chowerama pansi pa utsi, ndipo tsekani chitseko cha khitchini kuti moto uchedwe kufalikira. Ozimitsa moto aimbireni muli panja, ndipo pasapezeke wobwerera m'nyumba kukatenga foni kapena ndalama.