Mwala wa pamphete ndi mwala wa pakhosi: chimene nambala 7 imatiuza

Mphete imene munthu amavala tsiku ndi tsiku imagwira naye ntchito zonse. Imagunda chogwirira cha chitseko, imakhula pa chidebe cha madzi, imalowa m'thovu la sopo, ndipo ngati mwini wake amakwecha mapoto ndi mchenga, imakwechedwa nawo limodzi. Mwala wolendewera pa mkanda wa pakhosi sukumana ndi zonsezi. Umagona pachifuwa kapena pansalu, ndipo nthawi zambiri umatuluka m'bokosi Lamlungu kapena pa ukwati basi. N'chifukwa chake mwala umodzimodzi ungakhale wonyezimira zaka makumi ambiri pakhosi, koma pachala n'kuchita chifunga m'zaka zochepa. Osula mphete amayamba ndi nambala imodzi poweruza nkhaniyi: kulimba kwa mwalawo pa muyeso wa Mohs.

Muyesowu anaukonza Friedrich Mohs, katswiri wa miyala wa ku Germany, m'chaka cha 1812 pamene ankagwira ntchito mumzinda wa Graz ku Austria. Njira yake inali yapafupi. Anasankha miyala khumi n'kuiika pamndandanda, kotero kuti uliwonse umatha kukanda ya pansi pake koma sungakande ya pamwamba pake. Pansi penipeni, pa 1, anaika taliki, mwala wofewa umene chikhadabo chimalemba. Pa 7 anaika kwatsi, pa 8 topazi, pa 9 korandamu, umene ndi banja la rube ndi safaya, ndipo pa 10 dayamondi. Kuti manambalawa amveke, chikhadabo cha munthu chili pafupifupi pa 2.5, pamene galasi la pawindo ndi mpeni wamba zili pafupifupi pa 5.5.

Masitepe a mndandandawu si ofanana kutalika. Mohs anangosanja miyala kuti uwu umagonjetsa uwu, sanayeze kuti umaugonjetsa ndi mphamvu yochuluka bwanji. Akatswiri atayeza pambuyo pake ndi zida, anapeza kuti korandamu ndi wolimba pafupifupi kawiri kuposa topazi, ndipo dayamondi ndi wolimba pafupifupi kanayi kuposa korandamu, ngakhale kuti pamndandanda akusiyana ndi sitepe imodzi yokha.

Kwa munthu wogula mphete, nambala yofunika kuisunga m'mutu si 10 ayi, koma 7. Chifukwa chake ndi fumbi. Mchenga wambiri wa padziko lapansi ndi kwatsi wosweka, ndipo fumbi limene limauluka mu Okutobala, limene limagwa patebulo ndi kulowa m'matumba a zovala, lili ndi tizidutswa ta kwatsi yemweyo. Ndiye kuti mwala uliwonse wochepera pa 7 umakandidwa ndi fumbi wamba. Mwini mphete akaona kuti mwala wadetsedwa, amaupukuta ndi mpendero wa chitenje kapena wa malaya, osadziwa kuti akuukhula ndi timchenga. Kamzera kamodzi sikaoneka ndi maso. Koma timizera tikachuluka, nkhope ya mwala imasiya kubweza kuwala bwino, ndipo timizere takuthwa timene timalekanitsa mbali zosemedwa timayamba kubuntha. Mukayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu kakhumi, lija amagwiritsa ntchito ogula miyala, m'mphepetemo mumaoneka moyera ngati mwawazidwa shuga. Chimenecho ndicho chizindikiro choyamba chakuti mwala ukutha, ndipo sopo sangachichotse. Pamafunika wosema miyala aupukutenso pamakina, ndipo nthawi iliyonse akatero mwalawo umachepako pang'ono.

Rube ndi safaya, pa 9, fumbi siliziopsa. Sipinelo, pa 8, nayenso amapirira bwino. Akwamalini, mwala wobiriwira ngati madzi a m'nyanja umene umakumbidwa m'boma la Mzimba, uli pakati pa 7.5 ndi 8, ndipo umakhalitsa pamphete ngati mwini wake ndi wosamala. Ametisito, mwala wofiirira ngati maluwa a jakaranda umene Zambia imakumba wambiri ku Mapatizya kumwera kwa dzikolo, ndi mtundu wa kwatsi, kotero uli pa 7 penipeni. Uli pamalire: umavalika pachala, koma pakapita zaka m'mphepete mwake mumabuntha, ndipo ukakhalitsa padzuwa lamphamvu mtundu wake ungazilale.

Komabe amene angagule mwala poyang'ana nambala ya Mohs yokha adzagwa nayo. Muyesowu umayeza chinthu chimodzi, kukana kukandika. Sunena chilichonse za kukana kusweka mwala ukagundidwa. Aliyense amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti chikuni chouma gwa, chimene nkhwangwa imanjanja ukachitema chopingasa, chimang'ambika kamodzi kokha ukachimenya motsata mitsempha yake. Miyala ina ili ndi njira zotere mkati mwake, zimene zimachokera ku mmene tizigawo take tinasanjikirana. Dayamondi ali nazo mbali zinayi, ndipo ngakhale palibe mwala wina wachilengedwe ungamukande, amabenthuka akagunda konkire pamalo olakwika, makamaka m'mphepete mopyapyala kapena pansonga. Topazi, ngakhale ali pa 8, ali ndi njira imodzi yoongoka bwino kwambiri, ndipo kugunda kumodzi kungamugawe pawiri. Mbali inayo kuli nefiraiti, umodzi mwa miyala iwiri imene imatchedwa jedi, umene anthu a ku China akhala akuusema kwa zaka masauzande. Pa muyeso wa Mohs uli pakati pa 6 ndi 6.5 chabe, koma mkati mwake ndi ulusi wolukanalukana, moti kuuswa n'kovuta kuposa kuswa dayamondi.

Tiyerekeze mtsikana amene akukonzekera chinkhoswe, ndipo bwenzi lake lamuonetsa miyala itatu kuti asankhe wa pamphete imene adzavale tsiku lililonse: tanzanaiti, emerodi ndi safaya.

Tanzanaiti ndiye amakopa maso msanga, ndi mtundu wake wabuluu wosakanikirana ndi papo. Mwalawu unapezeka mu 1967 kumapiri a Merelani pafupi ndi Arusha ku Tanzania, ndipo kumeneko kokha ndiko amaukumba. Kulimba kwake kuli pakati pa 6 ndi 7, kutanthauza kuti fumbi limaugonjetsa. Ulinso ndi njira yong'ambikira, ndipo sugwirizana ndi kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha, monga kuchotsa dzanja m'madzi otentha n'kuliviika m'ozizira. Mwala umenewu walephera mayeso onse awiri, wa kukandika ndi wa kusweka. Malo ake ndi pakhosi kapena pa ndolo, kumene ungakhale mpaka mdzukulu adzaulandire.

Emerodi amapusitsa ambiri chifukwa nambala yake ndi yabwino, pakati pa 7.5 ndi 8, yofanana ndi ya akwamalini amene ndi m'bale wake. Vuto lili mkati. Pafupifupi emerodi aliyense, kaya wa ku Colombia kaya wa ku mgodi wa Kagem m'boma la Lufwanyama ku Zambia, amakhala ndi timing'alu tachilengedwe. Ogulitsa amalowetsa mafuta oyera m'timing'aluto kuti tisaoneke, ndipo zimenezi n'zovomerezeka pamalonda malinga ngati wogula wauzidwa. Koma dzanja limene limachapa ndi kutsuka mbale limalowa m'madzi otentha ndi sopo kangapo patsiku, ndipo mafuta aja amachoka pang'onopang'ono. Mwini wake amadabwa kuona mizere yoyera imene kale kunalibe, n'kuganiza kuti anamugulitsa mwala wabodza, chonsecho ndi ming'alu yakale imene yangoululika. Mng'alu umene wafika pamwamba pa mwala ndiwonso poyambira kusweka. Ngati mtsikanayo waumirira pa emerodi, mphete yake ikhale yovula pogwira ntchito, ndipo mwalawo uzunguliridwe ndi mkombero wa golide m'malo mogwiridwa ndi timano tinayi timene timasiya m'mbali mwake poyera.

Safaya ndiye wapambana. Ali pa 9, alibe njira yong'ambikira, ndipo sopo ndi madzi ofunda sizimusintha. Sikuti ndi wabuluu yekha ayi; alipo wachikasu, wapinki, wobiriwira ndi wopanda mtundu, ndipo korandamu akakhala wofiira ndiye amatchedwa rube. Phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu limadziwika ndi miyala imeneyi, ndipo ku Montepuez kumpoto kwa Mozambique, kumene rube anapezeka mu 2009, kwasanduka amodzi mwa malo otulutsa rube wambiri padziko lonse. Pa rube pokhapa pali msampha. Pamsika pali rube wotchipa amene anali wong'alukang'aluka, ndipo ming'alu yake anaidzaza ndi galasi losakaniza ndi mtovu. Amaoneka wofiira bwino, koma galasilo silili pa 9, ndipo madzi a ndimu kapena mankhwala oyeretsera zovala amalidya. Pagalasi lokuzira zinthu mumaoneka timathovu ta mpweya mkati mwake. Rube wamkulu, woyera, wa mtengo wotsika modabwitsa, mumufunse mafunso ambiri musanatulutse ndalama.

Pansi pa mzere wa 7 pali miyala ina yokongola kwambiri, ndipo palibe chifukwa choikanira, kungoti ipatsidwe malo oyenera. Opalo ali pakati pa 5.5 ndi 6.5 ndipo ali ndi madzi mkati mwake, kotero amang'aluka akauma kwambiri kapena akatenthedwa. Wa ku Welo ku Ethiopia amamwa madzi ndi mafuta odzola, n'kusintha maonekedwe. Malakaiti, mwala wobiriwira wa mizeremizere wochokera kumigodi ya mkuwa ya ku Katanga, umene umapezeka kawirikawiri m'misika ya ziboliboli, uli pa 3.5 mpaka 4, ndipo kiyi wa nyumba amaukanda. Ngale zili pakati pa 2.5 ndi 4.5, ndipo viniga, thukuta ndi perefyumu zimadya khungu lake lonyezimira. Ndiye chifukwa chake ngale zimavalidwa pomaliza, munthu atadzola kale, ndipo zimavulidwa poyamba.

Anthu ena pogula mwala wosasema amaukanda pa botolo, ndipo likalembeka amati ndi dayamondi. Mayeso amenewo sakutsimikizira kanthu, chifukwa kwatsi wotoledwa m'munda nayenso amalemba galasi. Ndipo musalole munthu kuyesa mwala wosemedwa kale poukanda ndi wina, popeza chipsera chake chimakhala chamuyaya. Akatswiri ali ndi zida zoyezera mmene kuwala kumadutsira mumwala popanda kuuvulaza.

Posamala mphete, yambani mwaitsukuluza m'madzi kuti fumbi lichoke musanaipukute, kenako gwiritsani ntchito sopo wofatsa ndi mswachi wofewa. Posunga, chilichonse chikhale m'kathumba kake, chifukwa dayamondi akagona m'bokosi limodzi ndi safaya amamukanda, ndipo safaya amakanda zina zonse zotsala. Golide weniweni ali pa 2.5 mpaka 3 chabe, choncho timano togwira mwala timatha msanga kuposa mwalawo. Kamodzi pachaka tengerani mphete yanu kwa wosula kuti aone ngati timanoto tikugwirabe.