Laputopu ikaonetsa sikirini ya buluu poyaka

Laputopu ya Windows imaonetsa sikirini ya buluu pamene yakumana ndi vuto limene siingathe kulilambalala. M'malo mopitiriza kugwira ntchito n'kuwononga mafayilo, Windows imaima dala, n'kulemba chifukwa chake chakumunsi kwa sikiriniyo. Pa Windows 11 yaposachedwa sikiriniyi imakhala yakuda, koma uthenga wake ndi womwewo.

Mzere wofunika kwambiri ndi woyamba ndi mawu akuti Stop code. Nthawi zina pamakhalanso mzere wachiwiri, What failed, wotchula fayilo imene yalephera. Popeza makina amazima n'kudziyatsanso pakangopita masekondi ochepa, chanzeru ndi kujambula sikiriniyo ndi foni. Amene amapita kwa mmisiri atangonyamula mawu akuti "yachita buluu" amakhala atasiya umboni wonse kunyumba.

Khodi siitchula chipangizo chimene chafa. Imangosonyeza mbali yoyambira kufufuza. MEMORY_MANAGEMENT imaloza ku ramu. DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL imaloza ku dalaivala, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi chipangizo monga cha zithunzi kapena cha Wi-Fi, ndipo pamenepa dzina la fayilo lothera ndi .sys ndilo limaulula wolakwa. Zinaoneka choncho pa 19 Julaye 2024, pamene makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse anagwa chifukwa cha fayilo yolakwika yochokera ku kampani ya CrowdStrike: masikirini ambiri ankatchula csagent.sys, ndipo zipangizo za makinawo zinali bwinobwino.

Khodi yoyenera kuidziwa bwino ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, imene nambala yake ndi 0x0000007B. Ambiri akaiona amathamangira kunena kuti disiki yafa, koma kawirikawiri sizikhala choncho. Disiki ikafa kotheratu, laputopu imangolemba pasikirini yakuda kuti sikupeza poyambira, ndipo Windows siionekera n'komwe. Buluu akaoneka, ndiye kuti Windows inayamba kuwerengedwa kuchokera padisikipo, kenaka njira yofikira disikiyo inaduka pakati.

Chitsanzo ndi laputopu yakale imene yakhala miyezi ingapo osayatsidwa. Mkati mwake muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi zimene zinasankhidwa mu BIOS. Kabatireko kakatha, BIOS imabwerera momwe inachokera ku fakitale. Ngati Windows inaikidwa disiki ikuyendera njira ya AHCI, koma BIOS yabwerera ku RAID kapena Intel RST, Windows imadzuka ilibe dalaivala woyenera, ndipo imagwa ndi khodi imeneyi nthawi iliyonse.

Kutsimikizira n'kosavuta. Makina akangoyatsidwa, munthu amadina batani lolowera mu BIOS, limene pa malaputopu ambiri ndi F2, pa a HP ndi F10. Choyamba kuona ndi tsiku: likabwerera zaka zingapo m'mbuyo, kabatire ndiko kokayikitsa. Chachiwiri ndi kuona ngati dzina la disiki likuoneka. Likaoneka, amapita pa SATA Mode kapena SATA Operation, n'kulemba papepala zimene zilipo, kenaka n'kusintha kupita ku njira inayo ndi kusunga. Windows ikayaka, vuto lapezeka ndipo palibe fayilo yatayika. Chotsala ndi kusintha kabatire, apo ayi zidzabwerezanso. Ikapanda kuyaka, BIOS ibwezeredwe mmene inalili, ndipo maso atembenukire kwina: disiki imene yakhwepa pamalo ake laputopu itagwa, kapena zatsopano zimene Windows inalandira posachedwa.

Zatsopanozo zimachotsedwa kudzera pa sikirini yokonzera Windows, imene imadzitsegula yokha makina akalephera kuyaka kawiri kapena katatu motsatizana. Pa Troubleshoot, kenaka Advanced options, pali Uninstall Updates. Pomwepo palinso Startup Settings, pamene nambala 4 imalowetsa mu Safe Mode ndipo nambala 9 imaletsa makina kudziyatsanso, kuti khodi iwerengeke modekha. Ngati disiki ndi yokhomedwa ndi BitLocker, pamafunika kiyi ya manambala 48, imene nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake.

Chinthu china chimene chimathandiza ndi kuona ngati khodi ikusintha. Khodi imodzimodzi yobwera pa nthawi yomweyo poyaka kawirikawiri imachokera ku dalaivala, BIOS kapena mafayilo a Windows. Makhodi osinthasintha, lero iyi mawa ina, amakayikitsa ramu kapena kutentha kwa makina. Pa laputopu ya timitengo tiwiri ta ramu, mmisiri amachotsa kamodzi n'kuyesa ndi kotsalako, kenaka n'kusinthanitsa. Zikatere, kuika Windows yatsopano sikuthandiza kanthu, chifukwa ramu yowonongeka imagwetsanso Windows yatsopanoyo, mafayilo a mwini wake atafufutika kale.