Zilembo zakula pa webusaiti imodzi yokha: vuto lili pati?

Mlembi wa pasukulu ina atsegula tsamba limene amalembetsapo mayina a ophunzira tsiku ndi tsiku. Lero zilembo zafufuma, mizere itatu yokha yadzaza sikirini yonse, ndipo batani lotumizira fomu lathawira pansi posaoneka. Atsegula webusaiti ina, ya nkhani, ndipo zonse zili bwinobwino. Ambiri zikatere amayamba kukayikira vairasi, ena amanyamula laputopu ulendo kwa wokonza. Koma nthawi zambiri palibe chimene chawonongeka. Chala chinali pa batani la `Ctrl` pamene dzanja linalo limapukusa kagudumu ka mausi, basi.

Pulogalamu zotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Edge ndi Firefox, zili ndi njira yokuzira kapena kuchepetsa tsamba, imene pa sikirini imalembedwa kuti Zoom. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pulogalamuzi zimakumbukira mlingo umene munthu wasankha, ndipo zimausunga pa webusaiti iliyonse payokhapayokha. Ngakhale kompyuta izimitsidwe n'kuyatsidwanso, tsamba lija lidzabwera lili lofufuma momwemo. Anazipanga dala kuti wamaso ofooka asamavutike kukuza tsamba lomwelo m'mawa uliwonse. Tsoka lake, pulogalamuyo siisiyanitsa munthu amene wakuza tsamba mwadala ndi amene chala chake changoterereka.

Kubweza n'kosavuta. Tsamba lovutalo lili chitsegulire, munthu adine `Ctrl` ndi `0` pamodzi, ndipo libwerera pa mlingo wake wa masiku onse, umene nthawi zambiri ndi 100%. Kudina `Ctrl` ndi `+` kumakuza, pomwe `Ctrl` ndi `-` kumachepetsa. Pa makompyuta a Mac, m'malo mwa `Ctrl` amagwiritsa ntchito `Cmd`. Pali ngakhale chizindikiro chimene ambiri sachiona: tsamba likakhala pa mlingo wachilendo, Chrome ndi Edge zimaonetsa kagalasi kokuzira kumapeto kwa malo olembapo adilesi, pamene Firefox imalemba nambala yeniyeniyo, mwachitsanzo 150%.

Mlingowu umamatirira ku dzina la webusaiti limene lili mu adilesi, osati ku tsamba limodzi. Amene wakuza nkhani imodzi pa `ny.wikipedia.org`, Wikipedia ya Chichewa, apeza nkhani zina zonse za pamenepo zakulanso. Koma akapita pa `en.wikipedia.org`, ya Chingerezi, apeza zilembo zili mwakale, chifukwa kwa pulogalamuyo amenewa ndi malo awiri osiyana. N'chifukwa chake nthawi zina tsamba loyamba la bungwe limaoneka bwino, koma gawo lolowera ndi pasiwedi, limene adilesi yake imayamba ndi mawu ena, limakhala ndi tizilembo tosawerengeka.

Wofuna kuona mawebusaiti onse amene anasinthidwa angathe kulemba izi pamalo a adilesi mu Chrome:

```
chrome://settings/content/zoomLevels
```

Pabwera mndandanda wa mawebusaiti, iliyonse ndi mlingo wake, ndipo zosafunika amazichotsa imodziimodzi. Pa kompyuta ya mu ofesi imene amagwiritsa ntchito anthu ambiri, mndandandawu umadabwitsa kutalika kwake.

Pofika apa nkhani ikuoneka ngati yatha, koma pansi pa Zoom pali chinthu china chimene chimakuzanso zilembo, ndipo chisokonezo chenicheni chimayamba anthu akasakaniza ziwirizi.

Sikirini imapangidwa ndi timadontho tating'ono towala totchedwa mapikiselo. Laputopu ya mainchi 14 ndi sikirini ya patebulo ya mainchi 24 zingathe kukhala ndi timadontho tofanana kuchuluka kwake, 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Kusiyana n'kwakuti pa laputopu timadonthoti n'tothinana kwambiri: pafupifupi 157 pa inchi iliyonse, pamene pa sikirini yaikuluyo tilipo 92. Masamba ambiri amapatsa chilembo msinkhu wa mapikiselo 16. Pa sikirini yaikulu msinkhu umenewu ndi mamilimita opitirira 4, koma pa laputopu ija sufika n'komwe mamilimita 3. Maso a munthu amene wayamba kutalikitsa nyuzipepala powerenga sangapirire zotere tsiku lonse.

Pofuna kuthetsa vutoli, Windows imakuza chilichonse chimene chili pa sikirini: zilembo, zithunzi, mabatani ndi mawindo omwe. Mu Windows 11 zimenezi zili pa Settings > System > Display, pa mzere wolembedwa Scale. Pamakhala 100%, 125%, 150% ndi kupitirira, ndipo pambali pa mlingo umene Windows ikuona kuti ndi woyenera sikiriniyo pamalembedwa Recommended. Malaputopu ambiri a mainchi 14 okhala ndi timadontho 1920 amabwera ali pa 150%. Nambala imeneyi imadzidzimutsa ena, amaganiza kuti wina anaisokoneza, chonsecho ndi imene ikuchititsa kuti zilembo zioneke zachibadwa.

Milingo iwiriyi imachulukitsana, ngati galasi lokuzira limene laikidwa pamwamba pa linzake. Laputopu ya mlembi uja ili pa Scale ya 150%, choncho tsamba limaona ngati lili ndi malo a mapikiselo 1280 okha m'litali, chifukwa 1920 kugawa ndi 1.5 ndi 1280. Chala chija chitaterereka, Zoom inakwera kuchoka pa 100 kudutsa 110, 125 ndi 150 mpaka kuima pa 175%. Tsopano malo atsala pafupifupi 731. Mawebusaiti ambiri anakonzedwa kuti malo akachepera 768 kapena chapompo azisintha maonekedwe n'kukhala ngati a pa foni. Ndiye mndandanda wa pamwamba umabisala kuseri kwa timizere titatu, zigawo zimene zinali moyandikana zimasanjikizana, ndipo munthu amalumbira kuti eni webusaiti asintha zinthu usiku. Eni akewo sanakhudze kanthu. Tsambalo likungoganiza kuti latsegulidwa pa kasikirini kakang'ono.

Tsopano taonani zimene zimachitika mnzake wa mu ofesi, uja amati amadziwa za makompyuta, akabwera kudzathandiza. Amathamangira ku Settings n'kutsitsa Scale kufika pa 100%. Tsamba la mayina lija limapezanso malo okwana pafupifupi 1097, batani lotumizira limabwerera, ndipo aliyense amasangalala. Koma mlembi akatsegula Word kapena imelo, zonse zasanduka tinthu tosaoneka, ngakhale wotchi ya pakona yomwe. Mawa lake ayamba kukuza webusaiti iliyonse payokha, ndipo pakutha pa mwezi kompyutayo ili ndi milingo yosiyanasiyana imene palibe akuikumbukira. Zonsezi chikhalirecho pankafunika `Ctrl` ndi `0` pa tsamba limodzi.

Choncho asanasinthe kanthu, munthu ayambe waona kumene vutolo lalekezera. Ngati ndi webusaiti imodzi, ndi Zoom ya webusaitiyo. Ngati mawebusaiti onse akula kapena achepa mofanana, koma mabatani a pulogalamuyo ndi zinthu zina pa kompyuta zili bwino, ndiye kuti wina anasintha mlingo woyambira. Mu Chrome umenewu uli pa Settings > Appearance > Page zoom. Apa pali msampha wina: `Ctrl` ndi `0` zimabwezera tsamba ku mlingo woyambirawo, ndiye ngati unaikidwa pa 67%, munthu adina mpaka chala kuwawa zilembo zili zazing'ono momwemo. Koma ngati chilichonse chasintha, kuyambira tizithunzi ta mafayilo mpaka mzere wa pansi pa sikirini, pamenepo m'pamene Scale ya Windows iyenera kuunikidwa. Izi zimakonda kuchitika laputopu ikalumikizidwa ku pulojekita kapena ku sikirini yachiwiri, popeza sikirini iliyonse imakhala ndi mlingo wake.

Palinso china chofanana ndi izi: sikirini yonse ikukula mwadzidzidzi ndipo ikusuntha motsatira mausi. Imeneyo ndi Magnifier, imene imayaka munthu akadina batani la Windows pamodzi ndi `+`. Imazima ndi batani lomwelo la Windows pamodzi ndi `Esc`.

Kwa amene maso akuvuta, kukuza webusaiti payokha ndi njira yabwino kuposa kukankhira nkhope pa sikirini, ndipo si kuchita zosayenera. Bungwe la W3C, limene limakhazikitsa mfundo za kakonzedwe ka masamba a pa intaneti, linalemba m'malangizo ake a WCAG 2.0 a mu 2008 kuti zilembo zizitha kukuzidwa mpaka 200% popanda mawu kapena mabatani kusowa. Webusaiti imene ikusweka munthu akangoikuza kufika pa 150% ndiye yolakwa, osati wowerengayo. Firefox ili ndi kanthu kena kothandiza pa masamba otere, Zoom Text Only, kamene kamakuza mawu okha n'kusiya zithunzi mmene zilili, ngakhale pa masamba ena mawuwo amasefukira kunja kwa mabokosi awo.

Pa foni nkhani imasintha pang'ono. Kutambasula tsamba ndi zala ziwiri kumangoliyandikitsa kwa kanthawi. Mizere siipindika kuti ikwane, ndipo munthu amangokhalira kukokera uku ndi uku. Pa iPhone, kuyambira ndi iOS 13 ya mu 2019, Safari ili ndi kabatani pamalo a adilesi kamene kamatsegula zilembo ziwiri za A, yaing'ono ndi yaikulu, ndipo mlingo wosankhidwa pamenepo umasungidwa pa webusaitiyo. Pa mafoni a Android, Chrome ili ndi zosintha zake pa Settings > Accessibility, pomwe munthu angaike mlingo woyambira.

Chimene chimavutitsa anthu ambiri a Android ndi kabokosi kolembedwa Desktop site, kamene kali mu mndandanda wa timadontho titatu ta pakona. Kakachongedwa, foni imapempha tsamba lokonzedwera kompyuta n'kulipanikiza lonse m'kasikirini ka m'dzanja, ndipo zilembo zimachepa mpaka zosawerengeka. Ambiri amakachonga pofuna kudzaza fomu ina imene imakana pa foni, kenako n'kuiwala. Ngati webusaiti imodzi yokha ndi imene ikuoneka choncho, koma mameseji ndi WhatsApp zili bwino, palibe chifukwa chokhudzira Font size kapena Display size ya foni yonse. Munthu atsegule webusaitiyo, agunde timadontho titatu tija, achotse chongi pa Desktop site, ndipo tsambalo litsegukanso lokha m'maonekedwe a pa foni.